Kasitomala wakupatsani nyenyezi imodzi pa Google, mumuyankhe bwanji osadziyalutsa

Funso ili ndatopa nalo kuyankha pa foni. Mwezi uno wokha andiimbira anthu atatu, wina ali ndi lesitilanti pa Dyeratu, wina galaja ku Ngabu, wina ndi mlamu wanga wa ku Bangula, onse nkhani yake imodzimodzi, akuti achimwene munthu wandinyoza pa Google, ndimufufute bwanji kapena ndimuyankhe chani. Nde ndaganiza ndingolemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira izi. Ine ndili ndi karesiti hausi ka zipinda 9 kuno ku Nchalo, ndipo zondichitikira ndi zomwe ndigwiritse ntchito, chifukwa nanenso ndinapsapo.

Kwa amene simunazolowere, rivyu ndi ndemanga imene kasitomala amalemba pansi pa dzina la bizinesi yanu pa Google Maps, ndipo amaikaponso nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu. Imodzi ndiye yotsikitsitsa, ziro kulibe, munthu akakupatsani imodzi ndekuti akanakhala ndi njira akanakupatsani yochepera pamenepo. Pa Facebook nyenyezi anazichotsa mu 2018, kumeneko munthu amangosankha kuti akulimbikitsa anzake kubwera kwanu kapena ayi, koma kayankhidwe kake ndi komweka.

Dziwiranitu chinthu ichi poyamba: rivyu simungaifufute. Bizinesi ndi yanu inde koma ndemangayo ndi ya amene analemba, ndi iye yekha angaisinthe kapena kuichotsa, apo ayi a Google eni ake akaona kuti yaphwanya malamulo awo. Chomwe chili mmanja mwanu ndi yankho basi. Ndipo yankholo simukulembera wokwiyayo kwenikweni, mukulembera munthu amene ali pa Thabwa pano akutsika phiri kuchokera ku Blantyre, foni ili mmanja, akusaka pogona usiku uno. Iyeyo sakudziwani inu, sakumudziwa wodandaulayo, angowerenga mawu a anthu awiri nkuona amene akuoneka wamutu wabwino.

Rivyu ya pa malo anga inalembedwa chonchi, mwezi wa Okutobala, nthawi ija kutentha kumadutsa madigiri 40 mpaka usiku makoma amakhala akutulutsabe moto:

"Malo oipa kwambiri. Ndinalipira chipinda cha eyakoni K35,000 koma usiku onse sinayake. Ndagona ngati ndili mu uvuni. Madzi osamba amchere. Ndinagogoda kwa mlonda osadzuka. Mmawa ndapempha ndalama yanga mtsikana wa pa risepushoni kundiyankha mwano. Awa ndi akuba, musapiteko."

1. Musayankhe tsiku lomwelo

Ine ndinaiona cha mma 6 mmawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe, ndipo mawu oti akuba aja anandilowa mpaka mmafupa. Ndinalemba yankho pompo, lalitali, lofotokoza kuti magetsi sindine ndimapanga komanso kuti ngati amafuna kuzizira akanakagona ku Mulanje. Mwamwayi bandulo inali itatha, silinapite. Mayi a kunyumba atawerenga anangoti, bambo a Chisomo, izi mukufuna aziwerenga alendo anu? Ndinafufuta.

Ngati mtima ukukuwawani lembani ndithu zonse zimene mukufuna kumuuza, koma lembani pa pepala kapena mu meseji yodzitumizira nokha, osati mkabokosi ka yankho. Gonani. Yankho lenileni lipite mawa lake kapena mkuja, osapitirira pamenepo, chifukwa rivyu yaukali ikakhala sabata yopanda yankho owerenga amati mwini wake alibe nazo ntchito kapena wavomera. Jambulaninso sikirinishoti pompo, poti wolemba atha kusintha mawu ake nthawi ina iliyonse nde inu nkumaoneka ngati mukuyankha zinthu zomwe palibe.

2. Fufuzani chimene chinachitika, musanalembe liwu ndi limodzi lomwe

Tsegulani buku la alendo, onani risiti, onani meseji ya Mpamba kapena Airtel Money ngati analipira pa foni, onani zomwe munalemberana pa WhatsApp. Kenako funsani antchito, mmodzimmodzi, osati pagulu. Mukawasonkhanitsa onse nkuwerenga rivyu mokweza aliyense amayamba kudziteteza ndipo mumva nkhani imodzi yogwirizana yoti mlendoyo anali wovuta. Funso lake lisakhale loti walakwa ndani. Funsani kuti magetsi anazima nthawi yanji, jenereta inayaka nthawi yanji, bambo aja ananena chani ndipo iwe unayankha chani.

Kwanga zinatuluka izi. Magetsi anazima cha mma 10 usiku. Jenereta inayaka koma dizilo anali wochepa, inathima isanakwane 12 koloko, ndipo amene anaiwala kugula dizilo tsiku limenelo ndi ine ndemwe. Mlonda anati sanagone, anali kuseri kwa mpanda, chabwino, koma zoti mlendo anagogoda osapeza munthu ndi zoona. Mtsikana wa pa risepushoni anamuuza kuti "ndalama sitibweza, abwana kulibe", lomwe ndi lamulo ndinamupatsa ineyo, kungoti analinena nkhope ili pa foni. Madzi amchere ndi zoona, mjigo wathu ndi wotero ngati mijigo yambiri kuchigwa kuno. Zoti eyakoni sinayake usiku onse si zoona kwenikweni, inagwira mpaka jenereta itathima. Zoti ndife akuba ndi ukali chabe.

3. Patulani madandaulo enieni ndi mawu aukali, apa ndi pamene ambiri timagwera

Malangizo ambiri amangoti pepesani mwaulemu, nkudutsa. Koma kupepesa chani? Ukapepesa zonse ndekuti wavomera kuti ndiwe wakuba. Ukakana zonse ukuoneka wamakani. Nde tengani pepala, rivyu ija muiduledule chiganizo chilichonse pachokha, nkuika mmilu itatu.

Mulu woyamba ndi zimene zili zoona ndipo vuto ndi lanu. Kwa ine munalowa dizilo, mlonda, ndi kayankhidwe ka pa risepushoni. Izi mumavomera poyera, mozitchula dzina, popanda mawu oti koma. Liwu limeneli ndi loopsa, "pepani koma magetsi anazima dera lonse" si kupepesa, ndi kudziikira kumbuyo mutavala jekete ya ulemu, ndipo owerenga amaona msanga. Munthuyo sanalipire K35,000 kuti amve za mavuto a magetsi, analipira chifukwa ndinamuuza kuti chipindacho ndi chozizira ndipo jenereta ilipo. Chimodzimodzi "pepani ngati munakhumudwa", kameneko ka ngati kakutanthauza kuti mwina sanakhumudwe, mwina akungokokomeza. Munthu walemba kuti anagona mu uvuni, wakhumudwa basi, palibe za ngati.

Mulu wachiwiri ndi zoona koma simungazisinthe, monga madzi amchere. Apa simupepesa ngati mwalakwa, mumangofotokoza mwachidule ndi kunena chomwe mumachita pothandiza, chifukwa mlendo wotsatira akufuna adziwe zimenezo. Wa ku Lilongwe amene sanasambepo madzi a kuno amadabwa sopo akukana kuchita thovu, amaona ngati thanki ndi yakuda.

Mulu wachitatu ndi zokokomeza ndi zonyoza. Izi zisiyeni zidutse. Ndikudziwa ndi zowawa, liwu loti akuba ndi lomwe limakupangitsani kufuna kuyankha, koma mukangolemba kuti "ife si akuba" mwalibwereza kachiwiri pa tsamba lanu lomwe, ndipo mkangano wasanduka woti ndinu akuba kapena ayi. Njira yoyankhira liwu limenelo ndi kubweza ndalama yoyenera kubwezedwa, owerenga aona okha. Nanga zoti sinayake usiku onse pomwe inagwira maola angapo? Ndinalimbana nazo mumtima, ndimafuna ndikonze. Kenako ndinadzifunsa, munthu wagona thukuta kuyambira 12 mpaka kucha, ine nkumamuwerengera maola amene inayaka, ndipindulanji? Chokonza ndi chokhacho chimene chingasokeretse mlendo wina, mwachitsanzo akalemba mtengo wabodza kapena kuti mulibe jenereta pomwe ilipo. Ndipo mumakonza ndi chiganizo chimodzi chonena zoona zake, osati chomutcha wabodza.

Chinanso chovuta apa ndi antchito. Musawapereke nsembe pagulu. Kulemba kuti "mtsikana ameneyo tamuchotsa ntchito" kapena kumutchula dzina ndi kulakwa, kuno tonse timadziwana, mawa nkhani ili pa msika ndipo makolo ake mumapemphera nawo limodzi. Pa yankho mumati ife, talakwitsa ife. Zokambirana ndi wantchito zimathera mu ofesi.

4. Lembani, mwachidule

Yankho labwino limakwana pa sikirini ya foni osatsitsa kawiri. Muyambe ndi kumutchula mwaulemu, bambo kapena mayi ndi dzina lomwe walemba yekha pa rivyupo. Ngati dzinalo ndi lachilendo losadziwika kuti ndi mwamuna kapena mkazi ingoti "Zikomo akasitomala athu". Osati aise, osati mphwanga, ngakhale mukudziwa kuti ndi mwana wamng'ono kwa inu, ndi inu ndi a- mpaka kumapeto. Chilankhulo tsatirani chake, walemba Chizungu muyankhe Chizungu chosavuta, walemba Chichewa muyankhe Chichewa. Kumuyankha Chizungu chozama munthu amene walemba Chichewa kumaoneka ngati mukumuonetsa sukulu. Ngati walemba mosakaniza ndi Chisena ndipo inu mumachilankhula, ka takhuta kamodzi mmalo mwa zikomo sikalakwika, koma osakakamiza.

Langa linali ili:

"Zikomo bambo potiuza zimenezi. Munalipira chipinda cha eyakoni ndipo simunapeze chomwe munalipirira. Magetsi atazima jenereta yathu inatha dizilo pakati pa usiku, kumeneko ndi kulakwa kwathu, pepani kwambiri. Pepaninso kuti munagogoda osapeza wokuthandizani, komanso kuti mmawa simunayankhidwe bwino. Panopa dizilo tikumuyang'ana madzulo aliwonse ndipo nambala ya foni ya woyang'anira usiku taimata mchipinda chilichonse. Madzi a mjigo wathu ndi amchere ndithu monga madera ambiri kuno, akumwa timapereka a mbotolo. Tikufuna tikubwezereni ndalama yanu ya eyakoni, chonde tiimbireni pa nambala ili pa tsamba lino mufunse mwini wake."

Taonani mmene layendera. Kuthokoza ndi chiganizo chimodzi chokha, osati ndime yonse yomuyamikira munthu amene wangokutchani wakuba, zimenezo zimamveka ngati chipongwe. Kenako ndanena vuto lake mmawu anga kuti aone kuti ndawerenga. Chifukwa chake ndachitchula koma ndachimangirira kwa ine. Zomwe ndasintha ndi zinthu zoti mlendo wina atha kubwera nkuziona ndi maso, pepala la nambala lili pa chitseko. Apa chenjerani, musalembe zomwe simunachite. Mukati tagula jenereta yatsopano pomwe ndi yomwe ija, wotsatira adzalemba rivyu yachiwiri yoti ndinu abodza ndipo imeneyo ilibe mankhwala.

Za ndalama, ine ndinabweza K15,000, kusiyana kwa chipinda cha eyakoni ndi cha fani chomwe chinali K20,000, poti kugona anagona ndithu. Ena amabweza yonse, zili kwa inu. Koma chiwerengerocho musachilembe pa yankho, mukambirane pa foni, apo ayi aliyense wofuna kuchotseredwa aziyamba ndi nyenyezi imodzi.

Musanatumize werengani mokweza pamaso pa munthu amene sakuopani, mkazi wanu, mchemwali wanu, osati wantchito. Pomwe mawu anu akwera powerenga, pamenepo pali ukali wobisala, chotsanipo. Zilembo zikuluzikulu ayi, timaemoji toseka ayi, ndi mawu aja timakonda oti "Mulungu akukhululukireni" kapena "tikupemphererani" ayinso, aliyense amadziwa kuti kumeneko ndi kutukwana kwa mtchalitchi.

5. Potumiza pake

Kuti muyankhe ngati mwini bizinesi muyenera kukhala kuti tsamba lanu munalitenga ndi kulitsimikiza pa Google Business Profile. Ambiri kuno tsamba linaikidwa ndi mlendo wina kapena mwana wa achimwene amene anapita ku Joni ndi pasiwedi yake, nde yambani mwakonza zimenezo. Mukalowa ndi akaunti yoyenera, tsegulani Google Maps kapena sakani dzina la bizinesi yanu, pitani pa Reviews, pansi pa ndemangayo dinani Reply. Yankho limaoneka kwa aliyense pansi pa rivyu ndi mawu oti Response from the owner, ndipo wolemba uja amalandira uthenga kuti mwayankha. Mukaona kuti mwalakwitsa mutha kulikonza pambuyo pake.

Cholakwika chomwe ndimaona kawirikawiri ndi ichi, munthu alibe tsamba lotsimikizika nde amalemba rivyu yakeyake ndi akaunti yake, kudzipatsa nyenyezi zisanu nkumayankhira mmenemo. Zimaoneka zachibwana, komanso malamulo a Google salola kudzilembera rivyu pa bizinesi yako.

6. Zomwe simuyenera kuulula ngakhale zitavuta bwanji

Ife a malo ogona timadziwa zambiri za anthu. Mukudziwa anafika nthawi yanji, anali ndi ndani, anamwa zingati. Mtima ukapsa zimabwera pakamwa, "bwanji simukunena kuti munabwera ndi mayi uja 11 koloko usiku". Mukalemba zimenezo mwina mumupweteka ndithu, koma mwauzanso chigwa chonse kuti pa malo panu palibe chinsinsi, ndipo mwadziitanira milandu. Nambala yake ya foni, nambala ya galimoto, komwe amagwira ntchito, chithunzi cha risiti kapena cha chiphaso chake, zonsezi zisaoneke. Wa galaja musalembe kuti ali ndi ngongole yanu, wa saluni musalembe za mmutu mwa munthu. Ndipo sikirinishoti ija musaiponye pa sitetasi kapena mmagulu a WhatsApp kuti anzanu amuseke, imakafika kwa mwini wake tsiku lomwelo.

7. Mukayankha, yankhani kamodzi

Akaimba foni mulekeni alankhule mpaka amalize, musamudule. Bambo a rivyu aja anaimba patatha masiku awiri, analankhula mwina mphindi khumi, zambiri zinali zoti mmawa mwake anali ndi msonkhano ndipo anapita asanagone. Ndinatumiza ndalama ija tili pa foni pomwepo. Sindinawapemphe kuti achotse rivyu, ndipo inunso musagule, zoti "ndikubwezerani mukachotsa" ndi zoletsedwa pa Google, komanso munthu wokwiya atha kukaonjezera pa rivyu pomwepo kuti mumafuna kumuhonga. Bwezani chifukwa ndi yake. Mukafuna, kumapeto munganene kuti ngati akuona kuti nkhani yatha bwino ali ndi ufulu wosintha zomwe analemba, nkusiyira pomwepo.

Akasintha rivyu nkuonjezera zonyoza zina, musayambe kuponyerana naye. Yankho lanu loyamba likhale momwemo.

Nanga ikakhala yabodza, munthu sanafikepo nkomwe? Zimachitika, nthawi zina ndi wopikisana naye, nthawi zina wasokoneza malo anu ndi ena a dzina lofanana. Dinani timadontho titatu pambali pa rivyu musankhe Report review, koma musayembekeze zambiri, a Google amachotsa zotukwana, zachinyengo ndi zosakhudza bizinesiyo, sachotsa chifukwa choti inu simukugwirizana nazo, ndipo zimatenga masiku. Podikira yankhani mofatsa kuti mwayang'ana mbuku lanu simunapeze dzinali pa masiku amenewo, mwina pali kusokonekera, akuimbireni muone. Musatchule amene mukumuganizira, ngakhale mutatsimikiza mumtima kuti ndi wa tsidya la msewu uja.

Za nambala ya nyenyezi ija imaoneka pambali pa dzina la bizinesi, ikugwa inde, makamaka ngati marivyu anu ndi ochepa. Ine ndinali ndi 11, nyenyezi zonse pamodzi 49, zomwe zimapereka 4.5. Itabwera imodzi ija zinakhala 50 kugawa kwa anthu 12, ndinatsika kufika 4.2. Kuti ndibwerere pa 4.5 pamafunika anthu 7 otsatizana opereka zisanu. Musatume azibale ndi antchito kuti alembe, zimaonekeratu, maina a mtundu umodzi onse tsiku limodzi ndipo palibe amene akutchula chipinda chomwe anagona. Pemphani alendo enieni potuluka, onse osati okhawo akumwetulira, popanda kuwalonjeza fanta kapena kuchotsera mtengo. Madalaivala a malole obwera kudzanyamula shuga ndi anthu opita ku Majete ndi ku Lengwe ambiri amalemba ukawapempha, bola uwatumizire linki pa WhatsApp asanafike pa Kamuzu Bridge, akakwera phiri aiwala.

Bambo aja rivyu sanaichotse. Anaikweza kufika nyenyezi zitatu nkuonjezera mzere umodzi pansi woti mwini wake anandibwezera ndalama, mawu oti akuba anawafufuta, za uvuni anazisiya ndipo zilipo mpaka lero. Mwezi watha kunabwera mayi wina wa bungwe akupita ku Nsanje, asanalipire anandifunsa kuti dizilo mwagula lero? Ndinapita nawo kuseri kukawaonetsa chigubu.